Manotsi 46, funso limodzi: mmene za m'dayale zimasandukira chimangirizo

Ambiri a ife tili ndi mulu wa zolemba m'foni umene sitiutsegula kawirikawiri. Mzere wina unalembedwa m'minibasi, wina pa benchi ya kuchipatala, wina 2 koloko ya usiku tulo titasowa. Ena amalemba mu Google Keep, ena amadzitumizira okha uthenga pa WhatsApp, ena akadali ndi kope lachikuto cholimba pansi pa pilo. Tsiku lina mumawerenga zonsezo n'kudziuza kuti, "Aaa, koma apa pali nkhani." Koma mukayamba kuzilumikiza, zimakana. Mumapeza masamba atatu a zinthu zoona zokhazokha, koma mnzanu akawerenga amangoti, "Zili bwino," kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye umafuna kunena chiyani kwenikweni?"

Vuto silikhala Chichewa chanu kapena Chingerezi chanu. Dayale timalembera munthu amene akudziwa kale zonse, amene ndi ife tomwe. Mawu atatu amakwana chifukwa zotsalazo zili m'mutu. Chimangirizo timalembera mlendo amene sadziwa kwathu, sadziwa amayi athu, ndipo foni yake ili ndi zinthu zina zambiri zomukopa. Chimene chimamusunga mpaka ndime yomaliza ndi funso limene akufuna kumva mmene lithere.

Kusukulu mutu wa chimangirizo ankatipatsa aphunzitsi, ife n'kungokonza chiyambi, thunthu ndi mathero. Pano palibe wotipatsa mutu. Ndipo chimangirizo chokamba za moyo wa wolemba chinayamba ngati njira yofufuzira chinthu chimene mwiniwake sanachimvetse. Mfalansa wina, Michel de Montaigne, atatulutsa zolemba zake mu 1580, anazitcha ndi mawu a Chifalansa otanthauza kuyesa. Ankatenga nkhani imodzi n'kuyesa maganizo ake pa iyo, osadziwiratu kumene akathere.

Ndikuonetsani mmene ntchitoyi imayendera pogwiritsa ntchito manotsi anga enieni, amene ndinalemba kuyambira Okutobala 2023 mpaka Meyi 2024. Nthawi imeneyo ine ndinali pa ntchito ku Lilongwe, amayi ali kumudzi ku Balaka akulima ekala yawo imodzi ya chimanga.

Sonkhanitsani kaye, musakonze kanthu

Ntchito yoyamba ndi ya manja chabe. Kokerani manotsi onse pamalo amodzi, muwaike motsata madeti, ndipo aliyense mumupatse nambala. Anga anakwana 46: mu Google Keep munali 27, pa WhatsApp 11, ndipo m'kope 8, amene ndinawataipa mmene analili. Onse pamodzi anali mawu pafupifupi 3,000. Nawa asanu mwa iwo, osasintha ngakhale chilembo:

Nambala 4, 28 Okutobala: "Achimwene akuti tiwauze asiye kulima, tizingogula ufa. Akuti n'zotchipa."

Nambala 9, 15 Novembala: "Feteleza wakwera. Ndatumiza ya thumba limodzi, lachiwiri kaya."

Nambala 31, 19 Febuluwale: "Mvula ziii masabata atatu. Chimanga chapota. Amayi akuti abandirabe. Ndakwiya."

Nambala 38, 27 Epulo: "Maliro kumudzi. Amayi apereka ndowa ya chimanga. Yochokera kuti??"

Nambala 44, 18 Meyi: "Thumba lafika pa depoti. Chimanga theka, mtedza, mfutso. Akolola matumba 4 okha koma anditumizira."

Dzanja limayabwa kuti mukonze pomwepo, muchotse "ziii", musinthe "ndakwiya" akhale mawu aulemu. Lekani. Mawu osakonzawo ndiwo umboni wa mmene munkaonera zinthu tsiku limenelo, ndipo mukawasalaza msanga mufafaniza chinthu chimene mukuchifunafuna. Mafunso awiri aja kumapeto kwa nambala 38 ndi amene ananditsogolera ku nkhani yonse. Ndikanawachotsa ngati cholakwika cha kalembedwe, ndikanataya njira.

Nambala zija zili ndi ntchito yake. Kuyambira apa simukhalanso mukusuntha ndime zitalizitali pa sikirini yaing'ono ya foni. Muzingolemba pa pepala kuti 4, 9, 31, n'kumasuntha manambala basi.

Muwerenge kawiri, kachiwiri muli ndi cholembera

Kuwerenga koyamba kukhale kwa ulendo umodzi, osaima. Kwachiwiri, noti iliyonse muipatse liwu limodzi lonena zimene ikukamba. Njira imeneyi si yatsopano. John McPhee, mlembi wa ku Amereka amene walembera magazini ya The New Yorker kwa zaka zoposa 50, anafotokozapo kuti ankataipa manotsi ake onse, n'kuika chizindikiro pambali pa chigawo chilichonse, kenako n'kudula mapepalawo ndi sizasi n'kuwagawa m'mafoda molingana ndi zizindikirozo. Inu sizasi simufunika. Mu Google Keep muli malo oikira dzina la gulu pa noti iliyonse, ndipo pa pepala mukhoza kungolemba mizere ya manambala.

Anga anagawika chonchi: za ndalama 17, za mvula ndi munda 9, mawu amene amayi ananena 8, za kuntchito kwanga 7, ndi zina zosakanikirana 5.

Apa pali msampha. Mulu waukulu umaoneka ngati ndiwo nkhani. Kwa ine unali wa ndalama, ndiye zikanakhala zosavuta kunena kuti chimangirizo changa chikhale cha mavuto otumiza ndalama kumudzi. Koma mulu waukulu umangokuuzani chimene chinkakusowetsani tulo. Munthu amalemba kwambiri za dzino limene likuwawa. Ndipo "kutumiza ndalama kumudzi" ndi mutu chabe. Mutu ulibe poyambira ndi pothera, mukhoza kuulemba masamba awiri kapena 200 osafika paliponse.

Choncho mukatha kugawa, yang'anani zinthu ziwiri zimene miluyo yabisa. Choyamba ndi chinthu chimene chikubwerabwera popanda inu kuchiitana. Nditawerenganso, ndinaona kuti m'manotsi asanu ndi amodzi, omwazikana m'milu yosiyana, amayi akupereka kanthu kwa munthu: ndowa ya pamaliro, mbale ya ufa kwa mayi amene anadzagwira ganyu, mbewu ya nandolo kwa azakhali, maungu kwa ana a aneba, nkhuku kwa mlendo, ndi thumba lija la pa depoti. Palibe tsiku limene ndinakhala pansi kuti ndilembe za kupatsa kwa amayi. Zinkangolowa zokha m'mbali mwa nkhani zina.

Chachiwiri ndi manotsi awiri amene akutsutsana. Ikani nambala 4 pambali pa nambala 44. Woyamba akuti mundawo ndi wongotayitsa ndalama, ndipo masamu ake ndi oona. Wachiwiri akuonetsa munda womwewo, m'chaka choipa, ukutumiza chakudya kutauni kwa mwana amene amalandira malipiro pa mwezi. Onse awiri ndi oona, koma sakugwirizana. Pamene zoona ziwiri zakanizana chonchi, funso lili pafupi.

Mafunso anayi, limodzi lokha lotsala

Vivian Gornick, mlembi winanso wa ku Amereka, m'buku lake la mu 2001 lophunzitsa kulemba za moyo wa munthu mwini, anasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zimene zinachitika, ndiye pali chimene wolemba wabwera kudzanena pa zimene zinachitikazo. Chilala, feteleza ndi matumba anayi ndi zimene zinachitika. Zinachitikiranso mabanja ambirimbiri chaka chimenecho. Chimene chingapangitse chimangirizo changa kukhala changa ndi funso limene ndikufunsa zochitikazo.

Musayembekeze kuti funso labwino libwera koyamba. Lembani angapo, kenako muwayese. Ine ndinalemba anayi, ndipo lililonse linandiphunzitsa muyeso wake.

Loyamba linali lakuti, "Kodi ulimi wa chimanga pa ekala imodzi ukupindulitsa masiku ano?" Ndi funso lofunika, koma manotsi anga sangaliyankhe. Likufuna mitengo ya m'misika, zokolola za minda yambiri ndi mawu a alangizi a zaulimi. Ine ndinali ndi munda umodzi ndi nyengo imodzi. Muyeso woyamba ndi umenewu: yankho lizitha kufufuzidwa ndi zimene muli nazo m'manja. Werengani kuti ndi manotsi angati amene akukhudza funsolo mwachindunji. Akakhala awiri kapena atatu okha mwa 46, funsolo ndi la nkhani ina.

Lachiwiri linali lakuti, "N'chifukwa chiyani makolo samva tikawalangiza?" Mukalimvetsera bwino, limeneli ndi chigamulo chimene changovala chizindikiro cha funso. Lanena kale kuti ife tikulondola, iwo akulakwa. Chimangirizo chochokera pamenepo chimakhala mlandu umene woimba mlandu, mboni ndi woweruza ndi munthu mmodzi. Muyeso wachiwiri: mukhale kuti yankho simukulidziwa pamene mukuyamba. Dzifunseni ngati pali yankho limene lingakudabwitseni. Ngati palibe, wowerenga nayenso sadabwa.

Lachitatu linali lakuti, "Kodi ndipitirize kutumiza ndalama ya feteleza?" Ili ndi la inde kapena ayi, ndipo limatha ndi liwu limodzi. Komanso ndi loti tikambirane pabanja, mlendo sizimukhudza. Muyeso wachitatu: funso likhale loti yankho lake likufuna kufotokoza, ndipo munthu amene sakukudziwani athe kudziona m'menemo.

Lachinayi linabwera nditaika nambala 4 ndi 44 pamodzi: "Amayi amakolola chiyani m'munda umene sukuwabwezera zimene alowetsa?" Yankho sindinkalidziwa. Manotsi 14 ankalikhudza mwachindunji. Aliyense amene ali ndi kholo limene likukana kusiya khasu, kapena geni yaing'ono imene ana akuiona ngati yopanda phindu, akhoza kulifunsa. Ndipo linali ndi muyeso wachinayi, umene ndi wolemera kuposa yonse: pali chimene chingatayike. Ine ndi achimwene tinali pafupi kugwirizana zoti chaka chotsatira ndalama ya munda isapite. Ngati mundawo unali ndi phindu limene masamu athu sankaliona, tikanawalanda amayi chinthu chachikulu tikuganiza kuti tikuwapumitsa.

Funso lanu likwane m'chiganizo chimodzi chosapitirira mawu 15. Mukapeza kuti muli "ndipo" kapena "komanso" pakati pake, kawirikawiri amenewo ndi mafunso awiri. Sankhani limodzi, linalo lidikire. Mukalipeza, lilembeni pamwamba pa tsamba ndipo likhale pamenepo mpaka mutamaliza. Sikuti liyenera kuoneka liwu ndi liwu m'chimangirizo chomalizidwa. Ntchito yake ndi kukuuzani chimene chilowe ndi chimene chitsale.

Kupeta

Tsopano bwererani ku manambala aja ndipo noti iliyonse muifunse kuti: kodi ukukulitsa funsoli, ukulivutitsa, kapena ukuthandiza kuliyankha? Ikachita chimodzi mwa zitatuzi, ilowe. Ikalephera zonse, itsale.

Mwa 46 anga, 14 analowa, 32 anatsala. Onse asanu ndi awiri a kuntchito anatsala. Mwa 17 a ndalama, analowa atatu okha, chifukwa ena 14 ankanena chinthu chimodzimodzi ndi mawu osiyana: zinthu zakwera, malipiro sakukwana. Wowerenga akamva kamodzi wamva. Kubwereza kumene kumatonthoza m'dayale kumatopetsa m'chimangirizo.

Kudula kowawa sikukhala kwa manotsi oipa, amenewo amagwa okha. Kowawa ndi kwa noti yolembedwa bwino imene ili kunja kwa funso. Ndinali ndi ina, nambala 22, yofotokoza ulendo wa pa Khirisimasi: minibasi yodzaza, mkangano wa kondakitala ndi mayi wa nkhuku, fungo la mbatata yokazinga pa Tsangano. Mwa onse 46, imeneyo ndiyo inali yosangalatsa kuwerenga. Koma pa funso la zimene amayi amakolola inalibe chonena. Kuiika mkati kukanamutenga wowerenga kupita naye kumsewu, ine ndikumufuna kumunda. Tsegulani fayilo ina, muitche "zotsala", muziponya zotere m'menemo. Mtima umalola kudula ukadziwa kuti sizinatayike, ndipo chimangirizo chanu chotsatira nthawi zambiri chimachokera momwemo.

Samalani ndi mbali inayo: musataye noti chifukwa choti ikusokoneza yankho limene mwayamba kulikonda. Nambala 33 inati, "Msana wa amayi wayambanso. Sanagone." Imeneyi ikuikira kumbuyo maganizo a achimwene. Mundawo ukuwapweteka ndithu. Kuichotsa kukanapangitsa nkhani kukhala yosalala koma yabodza, nyimbo yotamanda khasu yolembedwa ndi munthu amene sagwira khasu. Noti imene ikuvutitsa funso ndi imene imapangitsa wowerenga kukukhulupirirani.

Kumanga: deti si mapulani

Dayale imayenda motsata kalendala. Chimangirizo chimayenda motsata funso. Mukayamba ndi Okutobala chifukwa choti ndi kumene manotsi anayambira, wowerenga adikira miyezi isanu ndi iwiri asanadziwe chifukwa chimene akuwerengera. Yambani pamene funso likubadwira.

Changa chinali cha mawu 1,200, ndipo ndinachigawa chonchi. Chiyambi, mawu 150: thumba la pa depoti, nambala 44, ndi kudabwa kuti munthu amene wakolola matumba anayi akutumiza theka la thumba kutauni. Kenako mawu 250 a masamu a achimwene, operekedwa mwachilungamo komanso mwamphamvu, ngati kuti iwowo ndiwo akulemba. Kenako mawu 300 a nyengo yonse ya chilala, kuphatikizapo msana uja. Kenako mawu 350 a zopereka zisanu ndi chimodzi zija, zimene m'dayale zinali zomwazikana koma pano zaikidwa pamodzi kuti wowerenga aone yekha mzere wake. Mathero, mawu 150. Kulemba manambalawa musanayambe kumakutetezani ku chizolowezi chothera theka la malo pa chiyambi.

Ikatha ntchito ya mapulani, noti iliyonse iyenera kufutukulidwa kuti mlendo aimve. Tengani nambala 31 ija: "Mvula ziii masabata atatu. Chimanga chapota. Amayi akuti abandirabe. Ndakwiya." M'chimangirizo inakhala chonchi:

"Pofika pa 19 Febuluwale mvula inali itadula kwa masabata atatu. Pa chithunzi chimene mng'ono wanga ananditumizira, masamba a chimanga anali atapotana ngati a anyezi, ndipo dothi la m'mizere linali litang'aluka. Madzulo ake ndinaimba foni. Tinalankhula mphindi zinayi zokha. Amayi anati mawa alawirira kukabandira. Ndinawafunsa kuti abandira chiyani poti chimangacho chikufa, iwo n'kungondifunsa ngati ndadya."

Taonani zimene zasintha. Liwu lakuti "ndakwiya" lachoka, ndipo m'malo mwake mwalowa mphindi zinayi ndi funso langa lakuthwa. Wowerenga akuona yekha mkwiyowo. Taonaninso kumene zowonjezerazo zachokera. Masamba ndi dothi zachokera pa chithunzi chimene chikadali m'foni ndi deti lake. Kutalika kwa foni kwachokera pa mndandanda wa mafoni a pa WhatsApp. Foni yanu ndi mboni yabwino kuposa mutu wanu: zithunzi, mauthenga otsimikizira ndalama zimene munatumiza, mavoisi, zonse zili ndi tsiku ndi nthawi. Fufuzani m'menemo musanadalire kukumbukira.

Malire ake ndi awa. Mukhoza kusintha dongosolo la zochitika bola wowerenga adziwe kuti chinayamba n'chiti. Mukhoza kusiya zambiri. Koma simungawonjezere zimene sizinachitike, kapena kuphatikiza masiku awiri n'kuwanena ngati tsiku limodzi. Mawu a munthu muwaike m'zizindikiro za mawu olankhulidwa pokhapokha ngati munawalemba tsiku lomwelo kapena muli ndi voisi yake. Ngati mukungokumbukira tanthauzo, nenani mofotokoza ngati mmene ndachitira m'ndime ili pamwambayi.

Palinso zinthu zimene dayale siinena chifukwa nthawi imeneyo aliyense ankazidziwa. Nambala 9 inangoti feteleza wakwera. Wowerenga wa zaka zisanu zikubwerazi afunika kuuzidwa kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nambala 31 inangoti mvula ziii. Afunika kudziwa kuti inali nyengo ya El Niño, ndipo pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Ziganizo ziwiri zotere zimakwana. Zimaika munda wa amayi pakati pa minda ya dziko lonse popanda kusandutsa chimangirizo kukhala lipoti. Chilichonse chotere muchitsimikize musanachilembe, chifukwa deti limodzi lolakwika limachititsa munthu kukayikira ndi zoona zomwe.

Mmene mungadziwire kuti zasokonekera

Mukamaliza kulemba koyamba, siyani masiku awiri, kenako muyese zinthu zitatu.

Pambali pa ndime iliyonse lembani mawu osapitirira asanu onena zimene ndimeyo yachitira funso. Mwachitsanzo, "ikuonetsa kuti masamu n'ngoona" kapena "ikubweretsa mtengo wa msana". Ndime imene mukulephera kuilembera kanthu ndi mlendo wolowa popanda kuitanidwa. Ndime ziwiri zimene zalandira mawu ofanana, imodzi ichoke.

Kenako onani mawu amene akulumikiza ndime zanu. Ngati ponseponse ndi "kenako", "tsiku lotsatira", "patapita sabata", ndiye kuti mwangokopera dayale m'Chichewa chabwino. Chimangirizo chimene chikuganiza chimalumikizidwa ndi "koma", "chifukwa", "ndiye ngati zili choncho". Mawu amenewa amasonyeza kuti ndime ino yabadwa kuchokera m'ndime yapitayo, osati yangoitsatira pa kalendala.

Pomaliza, mupatseni munthu amene sakudziwa nkhaniyo awerenge. Musamufunse ngati zili bwino, adzakuyankhani mwaulemu basi. Mufunseni kuti, "Ukuona ngati ndimafuna kudziwa chiyani?" Akanena chinthu choyandikana ndi chiganizo chija chili pamwamba pa tsamba lanu, mwafika. Akanena mutu wokha, monga "za chilala" kapena "za mayi ako", funso likadali m'mutu mwanu, silinafike pa pepala. Akanena zinthu ziwiri, muli ndi zimangirizo ziwiri zimene zikulimbirana malo.

Mathero nawo ali ndi chizindikiro chake. Mukaona ndime yomaliza yayamba ndi "Choncho tiyeni tonse" kapena yatha ndi mwambi umene ungakwane pa nkhani ina iliyonse, dziwani kuti mwathawa funso n'kukwera pa guwa. Yankho likhale lalikulu molingana ndi umboni wanu, osapitirira. Langa linali lakuti mundawo umawapatsa amayi chinthu choti apereke. Ufa wogulidwa ndi ana umakhutitsa, koma wolandira yekhayekha pamudzi amachepa. Ndi chimanga chawochawo, ngakhale chochepa, amafika pamaliro ali ndi ndowa m'manja, ndipo amakhalabe kholo limene limatumiza thumba kwa mwana. Sindinanene kuti ulimiwo ukupindulitsa, ndipo msana uja ndinausiya poonekera, chifukwa manotsi anga sanandipatse njira yothetsera zimenezo.

Anthu a m'nkhani yanu ali moyo

Chotsala ndi chimodzi, ndipo chimabwera musanatumize kwa mkonzi kapena kuika pa intaneti. Dayale inali yachinsinsi, chimangirizo ndi chapoyera, ndipo anthu amene ali m'menemo sanapemphe kulembedwa. Kumudzi mafoni alipo, ndipo nkhani ikatuluka lero, mawa idzakhala itafika pa gulu la WhatsApp la banja.

Funso lija limathandizanso apa. Chinsinsi cha munthu chimene funso silikuchifuna chichoke, ngakhale chikhale chokoma bwanji. M'manotsi anga munali zina zokhudza ndalama za achimwene zimene zikanafotokoza chifukwa chimene ankaumirira maganizo awo. Funso linali la zokolola za amayi, osati thumba la achimwene, ndiye zinatsala. Zimene funso likuzifunadi, kawerengereni eniake zisanatuluke. Sikuti akulembereni mathero, koma akonze zimene mwaphonya ndi kunena zimene sangalole kuti zituluke.

Amayi ndinawawerengera pa foni, pang'onopang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe, ndowa ija sinali yodzaza, usandinamizire kwa anthu." Ndinasintha chiganizocho. Za msana anati zikhale, poti n'zoona. Achimwene atawerenga anati masamu awo ndawalemba bwino kuposa mmene iwo anawanenera, ndipo sanasinthe maganizo onse, koma tinagwirizana kuti ndalama ya munda ipitebe, ndipo gawo lina likhale la aganyu obandira.

Ngati muli ndi manotsi a miyezi ingapo, ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Aikeni pamodzi, muwapatse manambala, ndipo mupeze awiri amene akutsutsana. Alembeni pa pepala limodzi, wina pamwamba wina pansi, ndipo pakati pawo muyese kulemba mafunso anayi.